Anatero ndi Akatswiri Ake Awiri

Ana asukulu amawatcha Anatero. Dzinali analipezera m'kalasi, chifukwa amuna anga samaliza chiganizo osatchula amene anayamba kuchinena. Wolemba bukuli anatero. Ahedi anatero. Ngakhale kunyumba, ndikafunsa ngati mwana timuwonjezere bulangete, amaima kaye n'kukumbukira zimene anamwino ananena.

Sindikuwaseka ayi. Bambo awo atamwalira, anakakulira kwa amalume awo, m'nyumba yodzaza kale ndi ana a eni ake. Kumeneko anaphunzira msanga kuti mwana wobwera sakhala ndi maganizo. Akafunsidwa, amabwereza zimene wamkulu wanena, ndipo tsiku limatha bwino. Khalidwe limeneli linawadyetsa, linawaveka yunifolomu, linawakhozetsa mayeso onse oloweza. Ine ndinawakonda chifukwa chomwecho. Kwathu amuna amayankhula ndi chibakera, ndiye nditaona munthu wofatsa chonchi ndinati ndapulumuka.

Amaphunzitsa za mabuku a nkhani pasekondale ina yomwe si ya boma. Sukuluyo inatipatsa nyumba kuseri kwa labu, zipinda ziwiri za simenti, mpopi pakhomo, denga losadontha. Mwana wathu ali ndi mphumu. Kumene tinkachita lendi kale, khoma linkatuluka thukuta nthawi ya mvula, ndipo mwanayu ankapuma ngati wina wamuponda pachifuwa. M'nyumba ya sukuluyi ndi mmene anayamba kugona ngati mwana.

Kenaka eni sukulu analengeza kuti mphunzitsi wopanda digiri pofika kutha kwa chaka asiye malo, ndi nyumba yomwe. Amuna anga anali atayamba kale kupita kukoleji nthawi za holide. Maphunziro ena onse anakhoza. Linatsala limodzi, lounika mabuku, ndipo kukhoza kwake kunadalira chimangirizo chachitali cha buku limodzi.

Bukulo anandifotokozera mpaka ndinalidziwa ngati ndinawerenga ndekha, ine wolekezera Fomu 2. Ndi nkhani ya mayi wosoka zovala amene, chakumapeto, amangosiya kuyankhula. Funso linali lakuti kukhala chete kwakeko kukutanthauza chiyani. Akatswiri awiri analembapo za zimenezi. Wina tinkamutcha Wamkulu, chifukwa ena onse ankamutchula. Winayo tinkangoti Mayi uja.

Ndinkawaona mmene ankagwirira ntchito. Ku laibulale ya koleji ankasanthula mabuku a akatswiriwo mothamanga, n'kuchititsa fotokope masamba okhawo amene aonapo chiganizo chokoma. Kunyumba ankadula ziganizozo ndi sizasi yanga, n'kuziyala patebulo ngati zigamba. Kenaka ankazikopera chimodzichimodzi, pakati n'kuikapo timawu tawo tolumikizira, "momwemonso", "kuwonjezera apo", "monga akunenera". Dzina la katswiri, chaka, tsamba, zonse ankalemba mosaphonya. Sanabe mawu a munthu. Zinkaoneka zaudongo moti ine ndinkanyadira.

Tsiku lokatenga zotsatira linakumana ndi tsiku la mwana ku chipatala, ndiye tinapitira limodzi. Ndinakhala pabenchi m'khonde, mwana ali pamiyendo. Chitseko cha ofesi sichinkatsekeka bwino. Mphunzitsi wawo anali mayi wa imvi, wa mawu otopa.

"Aphunzitsi, khalani pansi. Ndawerenga. Akatswiri ndawamva onse. Nanga inu munali kuti?"

"Ndinali… ndi ineyo ndalemba, madamu."

"Mwanyamula. Kulemba simunalembe. Taonani apa. Mwati Wamkulu wanuyu akuti mayiyo wakhala chete chifukwa wagonja. Chabwino, amaterodi. Ndiye mwati, momwemonso katswiri wamkaziyu akuti wagonja. Tsamba lotsatira la nkhani yake munawerenga?"

Ndinamva amuna anga akutembenuza mapepala.

"Sindinachititse fotokope, madamu."

"Ndinadziwa. Pamene mwadulapa, iyeyu akungofotokoza maganizo a mnzakeyo kuti awagwetse. Tsamba lotsatira likuyamba ndi 'koma'. Iye akuti kukhala chete kuja ndi kukana, ndi mphamvu. Anthu awiriwa akukangana, inu mwawagwiranitsa manja ngati akwati."

Anaseka pang'ono madamuwo, koma osati monyoza. Amuna anganso anaseka, kaseko kaja amaseka ahedi akawadzudzula.

"Mvetsani. Mukatenga mawu a katswiri, nenani m'mawu anuanu chimene akutanthauza. Kenaka bwererani ku buku lenilenilo, muone ngati zikugwirizana ndi zimene zili patsamba. Pamene walondola, onetsani chifukwa chake. Pamene waphonya, nenani, ndi umboni. Mukhoza kumuvomera, koma muvomere mutamuyesa. Ndikufuna ndimve mukuyankhulana nawo."

"Kuwatsutsa, madamu? Anthu olemba mabuku?"

"Sadzabwera kunyumba kwanu. Muli ndi mpata umodzi wolembanso. Ukapita umenewu, ndi chaka chamawa."

Ine pabenchi paja ndinamufungatira mwana. Chaka chamawa kwa ife kunalibe.

Anabwerera ku laibulale n'kuwerenga nkhani ya Mayi uja yonse, ndi ya Wamkulu yomwe. Zimenezo anachita, ndisawanamizire. Sizasi anandibwezera. Koma masiku otsatirawo ankangokhala patebulo, cholembera m'manja, pepala loyera. Mnzawo wophunzitsa masamu, wa khomo loyandikana nafe, ankasuzumira pawindo.

"Anatero, lero watero ndani?"

"Ndisiyeni, achimwene."

"Ingowalemberani zimene akufuna, aphunzitsi. Akuti tsutsani, tsutsani! Nenani kuti onse awiri ndi mbuzi, musaine pansi."

"Si choncho. Akufuna umboni."

"Ndiye mwagwa nayo. Ife kwathu ku masamu yankho ndi limodzi, silikhala ndi mlamu wake."

Lamlungu lina masana ndikuchapa matewera pampopi, anatulukira buku lili m'manja, chala chili pakati pa masamba. Nkhope yawo inali ina.

"Amake mwana, tamverani. Onse awiriwa akuti mayiyu wasiya kuyankhula. Koma sanasiye."

"Si paja munati amakhala chete?"

"Kwa azilamu ake ndi apongozi, inde. Koma apa, mutu womaliza womwewu, akukangana ndi kasitomala za mpendero wa diresi. Apa akukalipira mwana wa neba. Wamkulu akuti wagonja. Munthu wogonja angalimbane chonchi pa za ntchito yake? Ndime imeneyi Wamkulu sanaitchule n'komwe."

"Ndiye Mayi uja ndi amene walondola?"

"Walondola theka. Iye akuti ndi mphamvu. Koma taonani, wosokayu akakhala chete pamaso pa azilamu, manja ake akunjenjemera, wolemba wanena kawiri konse. Ndipo makina osokera azilamuwo amulandabe. Mphamvu yanji imeneyo? Mayiyu akusankha poyankhulira, chifukwa akudziwa pamene mawu ake angamupweteketse. Si kugonja, si kupambana. Akungodzisunga."

Anayankhula mpaka madzi anasefukira m'beseni. Sindinawamvepo akuyankhula nthawi yaitali chotero osatchula mwini mawu. Ndinati, "Bambo ake, kalembeni zimenezo, panopa, musanadye n'komwe."

Analemba. Linakwana tsamba limodzi ndi kachidutswa. Anandiwerengera, ndipo ngakhale chizungu china chinkandidutsa, ndinamva kuti muli munthu mmenemo.

Mmawa mwake ndinawapeza akuliyang'ana tsambalo ngati kalata ya maliro.

"Nanga ngati ndalakwitsa? Wamkulu waphunzira mpaka kunja. Zoti sanaone ndime imeneyi n'zosatheka. Anaiona, anadziwa kuti ilibe ntchito. Ine ndi amene sindikumvetsa."

"Koma madamu aja anati…"

"Anatero, inde. Koma akachonga? Akaona kuti kamphunzitsi ka kusekondale kakuwongolera pulofesa? Amake mwana, tili ndi mpata umodzi. Munthu suyesera zachilendo pa mpata umodzi."

Ndinkafuna kukuwa. Koma mantha awo anali anga omwe. Ndinayang'ana mwana ali gone pamphasa, kachifuwa kakukwera n'kutsika bwinobwino, ndipo ndinaganiza kuti mwina akunena zoona, mwina njira yofatsa ndi imene isunge denga ili. Ndinangoti, "Mukudziwa ndinu."

Tsambalo sanalitaye. Analiika pakati, lachinayi, ngati munthu wobisa mlendo kuchipinda. Kutsogolo kwake anayala mawu a Wamkulu, ndime yathunthu. Kenaka mawu a Mayi uja, tsopano olondola, ndi kachiganizo kakuti iyeyu akuona mosiyana. Pambuyo pa tsamba lawo lija anabwereranso kwa akatswiri ena atatu amene anawapeza, aliyense ndi ndime yake. Pomaliza analemba kuti nkhaniyi ndi yozama, ndipo monga Wamkulu akunenera, mayiyo wagonja. Anatseka ndi mawu a munthu yemwe anali atamugwetsa masamba awiri m'mbuyomo.

Zotsatira zinabwera sukulu ili pafupi kutsekera. Anapita okha. Pobwera sanalowe m'nyumba, anakhala pakhonde nsapato zili kuphazi, mapepala pamiyendo. Ndinawatenga ndekha. M'mbali mwa tsamba lachinayi munali mzere wautali wa inki yofiira, ndi mawu amene ndinatha kuwerenga: chimangirizo chanu ndi ichi, mukanayambira pano. Patsamba lomaliza panali funso lokha, lakuti nanga mwabwereranji. Malikisi anaperewera pang'ono.

"Akuti ndikhoza kubwereza chaka chamawa," anatero, maso ali ku labu. "Akuti ndili nazo m'mutu."

Ahedi anawaitana Lolemba. Anawayamikira kwambiri, akuti sanaonepo mphunzitsi womvera chotero, koma lamulo si lawo. Amuna anga anathokoza. Akulu awo ena, mwana wa amalume aja, ati tikhoza kukakhala m'chipinda cha kuseri kwa shopu yawo ya zitsulo, amuna anga azikathandiza pakauntala. Chipindacho ndinakachiona. Muli matumba a simenti mbali imodzi, fumbi lake limakanda kukhosi ngakhale kwa munthu wamkulu. Windo ndi limodzi, ndipo silitseguka.

Makatoni tayamba kumanga. Mabuku awo alowa m'katoni ya sopo, mafotokope onse pamwamba, sanalole kuti ndiyatsire mbaula ngakhale limodzi. Sayankhula zambiri masiku ano. Akamasewera ndi mwana amasekabe, koma akamva chifuwa chikulira pang'ono amatuluka panja.

Dzulo masana kunabwera mayi wina wachitsikana ngati ine ndemwe, wapakati, tepi yoyezera ili m'manja. Ndi mkazi wa mphunzitsi watsopano. Anagogoda mwaulemu, anapepesa kawiri, akuti amangofuna kuyeza mawindo kuti akasoketse makatani. Ndinamulowetsa. Mwana anali atagona kuchipinda, ndiye tinkayenda monyang'ama. Tepi inali yovuta kuigwira munthu mmodzi, ndipo ndinamugwirira mbali inayo.

"Simudontha muno?" anandinong'oneza.

"Simudontha," ndinatero.