Ndime Zachikasu za ku Bua

Chaka chimene ndinamaliza maphunziro a zaulimi ku yunivesite, ananditumiza ku Nkhotakota ndi njinga yamoto, sikelo, chingwe choyezera ndi funso limodzi: kodi feteleza amaonjezera zokolola za mpunga wa Faya pa dothi la kumathiriro a mtsinje wa Bua? Aliyense anali nalo kale yankho. Wailesi inkati inde, alangizi ankati inde, ndipo m'masiku a chipani chimodzi aja munthu sankachedwa kuvomereza zimene wailesi yanena. Komabe Faya ndi mpunga wautali, ndipo ukadya kwambiri umatha kugwa usanache. Ntchito yanga inali kuyesa, osati kuvomereza.

Munda woyeserapo anandibwereka bambo wina wachikulire, Msilamu wa mbumba zakale za pa Nkhotakota. Anali atapalasa bwato zaka zambiri asanatembenukire ku khasu, ndipo ankalima mwaukhondo ngati mmene msodzi amasokera ukonde. Chaka chimenecho dzina lawo linali litapita kwa akuluakulu kuti alandire baji ya uchikumbe, ulemu umene boma linkapereka kwa alimi ochita bwino. Oyendera minda ankayembekezeka kubwera mpunga usanatulutse ngala. Bambowo sankabisa kuti bajiyo ankaifuna. Mlamu wawo wa ku Kanyenda anali nayo kale, ndipo ankaivala ngakhale pa maliro.

Tinadula ndime zisanu ndi zitatu zofanana kukula, ziwiriziwiri moyandikana, kuyambira kunjira kutsikira kumtsinje. Pa ndime ziwiri zilizonse, imodzi inayenera kulandira feteleza, inzake ayi. Yolandira sitinaisankhe ndi maso, chifukwa maso amakondera dothi lakuda. Tinachita maere ndi timapepala m'chisoti cha bambowo. Zina zonse zinayenera kufanana: mbande za nazale imodzi, kuwokera tsiku limodzi, mtunda umodzi pakati pa mapando, kupalira tsiku limodzi, madzi ofika mulingo umodzi. Ndime iliyonse tinaizunguliza mgula wadothi kuti madzi a ndime yothira asanyamule feteleza kupita kwa inzake.

Zonsezi ndinazilongosola nditaimirira pamgula, pepala lili m'manja. Bambowo ankagwedeza mutu n'kumati, "Insha Allah, mwanangu." Ine ndinayesa kuti amva. Ndinali ndisanaphunzire kuti munthu wamkulu akamagwedezera mutu mwana wa sukulu, kawirikawiri amangomupatsa mpata woti amalize.

Patapita milungu ingapo titathira feteleza, mundawo unayamba kuyankhula. Ndime zinayi zinabiriwira mpaka kuda. Zinayi zosathira zinakhala zofowoka, masamba otumbuluka ngati chikasu. Ine ndinakondwa. Ndinalemba m'kabuku kanga, n'kubwerera ku boma ndikuimba mluzu.

Chimene sindinachione n'chakuti njira yodutsa m'mphepete mwa mundawo inali yopita ku mzikiti. Lachisanu lililonse amuna a mudzi wonse ankadutsa pamenepo atavala mikanjo yoyera, osafulumira, ndipo mlimi sadutsa munda wa mnzake osauwerenga.

Nditabweranso, ndinapeza ndime ziwiri zosathira, za kufupi ndi njira, zitabiriwira ngati zinzake. Ziwiri za kumtsinje zokha n'zimene zinali zachikasube. Ndinatsika mumgula, n'kupisa dzanja m'matope. Fungo linandiuza zonse.

"Bambo, mu ndime izi mwathira chiyani?"

"Feteleza wanu sindinamukhudze, Wallahi. Thumba lili momwe munalisiyira."

"Nanga izi?"

"Zimenezo ndi zitosi za nkhuku basi. Kodi nkhuku nazo ndi za boma?"

Akazi awo, amene ankazula udzu chapafupi, anaweramuka n'kuseka. "Auzeni zoona, bambo. Auzeni zimene anakuuzani alamu anu Lachisanu lija."

Bambowo anayang'ana kumbali. Mayiwo ndiwo anamaliza: "Anati, 'Achimwene, kodi mpunga uwu nawo ukusala Ramadani?' Anthu onse kuseka mpaka pakhomo pa mzikiti. Madzulo ake awa ananyamula dengu kupita kukhola."

Mlangizi wa deralo, Mtonga wa ku Dwambazi wokonda mtendere, anali nane tsiku limenelo. Anandikokera pambali. "Bwana, musavutike. Munda wa oyandikana nawo uwu sanathire kanthu. Tiyeze umenewo m'malo mwake. Kapena tifunse zimene madala anakolola chaka chatha, nthawi imene sankathira."

Ndinamuuza kuti tiuone kaye munda wa oyandikanawo. Anali atawokera mochedwa ndi milungu iwiri, mbewu yake yosakanikirana, malo ake okwera moti madzi sankakhalitsa, udzu mpaka m'mawondo. Tikanapeza kuti wakolola zochepa, tikanati chachititsa n'chiyani? Kusowa feteleza, kuchedwa, mbewu, madzi kapena udzu? Zifukwa zisanu, yankho limodzi, ndipo palibe sikelo yotha kuzilekanitsa. Za chaka chatha nazo zinali chimodzimodzi, popeza Bua anasefukira n'kumiza mbande, mvula inali ina, mbalame zinali zina. Ndime yosathira iyenera kukhala mapasa a yothira, yosiyana nayo pa chinthu chimodzi chokha.

Kenaka ndinachita chimene ndikanayenera kuchita tsiku loyamba. Ndinapinda pepala, tinakhala pansi pa mgula, ndipo ndinafunsa bambowo za nyanja.

"Munthu atabwera ndi nyambo yachilendo, n'kunena kuti imakola kampango kuposa usipa, mungaiyese bwanji?"

"Ndingaiponye m'madzi."

"Mwaiponya, mwakola khumi. Nyamboyo ndi yabwino?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati nyanja ili ndi madzi. "Zitengera tsikulo. Pali masiku amene kampango amadya ngakhale nsanza. Pali masiku a mwera amene sadya ngakhale mutampatsa nyama ya mbuzi."

"Ndiye mungadziwe bwanji?"

"Chingwe chimodzi, mbedza zofanana. Iyi nyambo yatsopano, yotsatira usipa, yotsatira yatsopano, choncho mpaka kumapeto. Madzi amodzi, tsiku limodzi." Anaima pamenepo. Anayang'ana ndime zachikasu za kumtsinje, n'kuyang'ana zobiriwira za kunjira. "Aa. Ndiye kuti ine ndapita pa mbedza za usipa n'kukolowekapo nyama ya mbuzi."

"Ya nkhuku," anatero mayiwo.

"Iwe, zula udzu."

Kenaka anandibwezera mlandu, ndipo anali ndi chifukwa. "Koma mwanangu, iwe unati ndime izi ndi zosathira. Sunati ndi mboni. Chinthu chosathira ndi chinthu choiwalika, ndipo munda woiwalika ndi manyazi a mwini wake. Ukananena kuti ndi mboni, ndikanazilondera ndi chibonga."

Zitosi sizikanathekanso kuchotsedwa m'matope. Ndime ziwiri za kunjira zinatayika, ndipo zinapita pamodzi ndi zinzake zothira, chifukwa ndime yothira yopanda inzake yoifananiza nayo ilibe chonena. Tinatsala ndi mapasa awiri a kumtsinje, ochepa kwambiri kuti munthu alumbirirepo, koma oona. Vuto linali lakuti oyendera minda ankabwera mlungu wotsatira, ndipo ndime zachikasuzo zinali pomwepo, m'munda wa munthu wofuna baji.

"Dengu lina la zitosi lilipo kukhola," anatero mlangizi motsitsa mawu, akuyang'ana kumwamba ngati akunena za mvula.

Ndinauza bambowo kuti munda ndi wawo, dzina ndi lawo, ndipo sindingawaletse. Anangoti, "Tiona." Mlungu wonse ndinakhala ku boma osadziwa chimene ndikapeze.

Tsiku la oyendera ndinafika m'mawa. Ndime za kumtsinje zinali zachikasu monga ndinazisiyira, mwinanso kuposa. Bambowo anali atavala mkanjo wochapa ndi chisoti chatsopano, khadi la chipani likusuzumira m'thumba la pachifuwa monga mwa nthawiyo. Wotsogolera oyenderawo anali mkulu wonenepa wa nsapato zosayenera matope. Anayamikira migula, anayamikira mizere, anafunsa za nkhokwe ndi chimbudzi. Atafika kumtsinje anaima.

"Nanga apa? Feteleza anakutherani, kapena munagulitsa?"

Ndinatsegula pakamwa, koma bambowo anandigwira mkono.

"Bwana, izi ndazisiya dala. Ndi mboni."

"Mboni za mlandu wanji?"

"Wa fetelezayu. Inu mukuona ndime iyi yabiriwira. Ine ndikanena kuti ndi feteleza, mlamu wanga anena kuti ndi dothi la Bua, mkazi wanga anena kuti ndi kupalira kwake, shehe anena kuti ndi madalitso. Onse akhoza kukhala olondola. Koma iyi yachikasuyi ili pa dothi lomwelo, anapalira ndi mkazi yemweyo tsiku lomwelo, mbande za nazale imodzi, ndipo madalitso sadumpha mgula. Chimene yasowa ndi chimodzi."

Mkuluyo anakwinya nkhope. "Ndiye kuti mukukayika feteleza amene boma likulimbikitsa?"

Funso limenelo, m'zaka zimenezo, silinali lopepuka. Mlangizi anayamba kuyang'anitsitsa zala za kumapazi kwake. Bambowo sanatekeseke.

"Ayi, bwana. Amene watumiza mwanayu ndi sikelo ndi boma lomwelo. Ndipo kubiriwira si mpunga. Faya akakhuta amagona pansi ngati mlendo wa pa ukwati. Tidzaona pa sikelo."

"Nanga za kunjira zija, bwanji zonse n'zobiriwira?"

"Kumeneko mboni ndinazidyetsa ziphuphu."

Mkuluyo anaseka mpaka anagwira phewa la mnzake kuti asaterereke. Atapuma anandifunsa ngati zimenezi zinali zoona, ndipo ndinati inde, zonse, ndi za nkhuku zomwe. Analemba kanthu m'buku lake, n'kufunsa ngati iye, poyesa mbewu ya chimanga kumudzi kwawo, anayenera kusiya mizere ina ya mbewu yakale. Bambowo ndiwo anamuyankha, ndipo anamuchenjeza kuti adzale zonse tsiku limodzi.

Pokolola tinamweta pakati pa ndime iliyonse, kusiya mizere ya m'mphepete, n'kuumitsa mpungawo mofanana tisanauyeze. Pa mapasa onse awiri yothira inalemera kuposa inzake, ngakhale imodzi inali itayamba kugwa. Mu lipoti ndinalemba kuti zotsatira zikuloza ku feteleza, koma mapasa awiri sakwanira kugamula, ndipo kuyesaku kubwerezedwe. Ndinalembanso chimene chinachitikira ena awiriwo, ndi kuti wolakwa woyamba anali wofufuza amene sanafotokoze bwino. Akuluakulu anga sanakondwere nalo lipotilo, koma sanapeze polikanira.

Baji inafika nthawi ya mwera. Uthenga unandipeza ku ofesi, wolembedwa ndi mlangizi pa kapepala ka m'kope: madala alandira, akuti mubwere Loweruka, apha nkhuku ziwiri, ndipo akuti musadandaule, ndi zomwe zija zinapalamula.