Msewu wa ku Joni umene tinaupangira ku Senga Bay

Ine ntchito yanga ndi yojambula makanema a maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Senga Bay. Chaka chatha msuweni wanga, amene amaimba kaswida, nyimbo zachisilamu zija, anandipeza m'kachipinda kanga kuseri kwa golosale nandiuza kuti akufuna kanema wa nyimbo yake yatsopano. Nyimboyo anaimbira mkulu wake, yemwe anasiya usodzi wa kuchilumba cha Mbenji n'kupita ku Joni. Miyezi yoyambirira ankatumiza mauthenga, kenako kunangoti zii, nambala osalowanso.

Zambiri tinajambula mosavuta: iye akuimba pakati pa mathandala a usipa, anzake atavala mikanjo yoyera akumuyankha. Chinatsala ndi chithunzi chotsegulira, chija chimauza woonera kuti tili kuti komanso ndi nthawi yanji, munthu asanatsegule pakamwa. Nyimbo imayamba ndi mlendo akuyenda mumzinda waukulu usiku, mvula ikugwa. Ifeyo tinali mu Okotobala, mchenga ukuwotcha mapazi, ndipo tauni ya Salima ngakhale utaithira madzi singasanduke Joni.

Ndinaganiza zogwiritsa ntchito pulogalamu ya pa intaneti imene umailembera zomwe ukufuna kuona, iyo n'kukupangira kanema wa masekondi ochepa. Mawu olembawo timati pulomputi. Ndimalemba m'Chingerezi chifukwa Chichewa imachimva mwapatalipatali, ndipo popeza akaunti yanga ndi yaulere, patsiku imandilola kuyesa kangapo kokha.

Poyamba ndinangolemba kuti msewu wa mumzinda wodzaza anthu, usiku, kukugwa mvula. Kunatuluka mzinda wokongola zedi, koma wa kwa eni ake: nyale zapinki, anthu oyera khungu, zikwangwani za zilembo zosawerengeka, magalimoto akuyenda kudzanja lamanja.

"Ku Joni kwake n'kumeneku?" anafunsa msuweni wanga.

Ndinalembanso. Ndinatchula mzindawo, minibasi zoyera zikuyenda kumanzere, phula lonyowa likunyezimira ndi nyale za magalimoto. Iye ataimirira kumbuyo kwanga anati ndiwonjezere mwamuna wakuda, wowonda, ali yekhayekha. Ndinamuuza kuti chithunzi chotsegulira n'cha malo, munthu amabwera pambuyo. Anakakamira, ine n'kulemba.

Kanemayo anatuluka. Pakhonde la sitolo panaima mwamuna wovala jekete lonyowa, mapewa akugwa, ndipo chakumapeto anatembenuza mutu pang'ono. Sindinganene kuti anali chimodzimodzi mkulu wake, koma mutu wopendekekawo unali wa kubanja kwawo. Msuweni wanga anapempha kuti ndimuikire pafoni akaonetse mkazi wake.

M'mawa mwake ndinamva kabaza akuima pakhomo. Anatsika azakhali anga, mayi wa anyamata awiriwa, mamba a nsomba akadali m'manja. Anali asanapondepo kuntchito kwanga. Sanayankhe moni wanga. Anaika foni ya mpongozi wawo patebulo.

"Anakujambulira ndani?"

"Azakhali, khalani pansi kaye."

"Ndakufunsa kuti anakujambulira ndani. Amene anajambulayo akudziwa msewu umene mwana wanga akugona. Undipatse nambala yake."

Msuweni wanga analowa akupuma mwabefu, atathamanga kuchokera kudoko. Zinapezeka kuti anatumizira mkazi wake kanemayo, mkaziyo n'kuonetsa apongozi ake popanda kufotokoza, ndipo azakhali anali atauza kale amayi a kumzikiti kuti dua yawo, pemphero lopempherera mwana wawo, yayankhidwa.

Ndinayesa kulongosola kuti palibe anapita ku Joni ndi kamera, kuti makina ndi amene anapanga munthuyo potsatira mawu anga. Anandiyang'ana ngati ndikuwabisira maliro.

"Iwe ndinakubereka kumsana amayi ako akudwala. Lero ukundiuza kuti sindidziwa mwana wanga?"

"Amayi, zoona akunena," anatero msuweni wanga.

"Iwe khala chete. Ukufuna kutchuka ndi nkhope ya m'bale wako."

Pamenepo ndinadziwa kuti pakamwa pokha sindiwakhutiritsa. Ndinatembenuza laputopu kuti aone, n'kuwawerengera pulomputi ya dzulo ija liwu ndi liwu m'Chichewa, kuti amve kuti dzina la mwana wawo mulibemo, chithunzi chakenso sindinaikemo.

"Ndiwatumizanso mawu omwewa osasintha kanthu. Ngati ali munthu weniweni, abweranso yemweyo."

Ndinadina. Netiweki tsiku limenelo inali yaulesi, kamzere kosonyeza kuti ntchito ikuyenda kankangokwawa. Mumtima ndinali ndi mantha, chifukwa ngakhale ndimadziwa kuti makinawa kawirikawiri sabwereza nkhope, ndinkaopa kuti angatulutse wina wofananako. Azakhali anagwira m'mphepete mwa tebulo, milomo ikuyenda popanda mawu. Kunja wina ankaitanira malonda a mandasi.

Kunatuluka msewu wina, sitolo ina. Mwamuna wa ulendo uno anali wamtali, wandevu, atavala chipewa, ndipo poyenda mwendo wake unalowa mu mtengo wa magetsi n'kutulukira mbali ina.

"Subhanallah," anatero azakhali chapansipansi. Anaonera kawiri. Kenako anatenga foni ija n'kuyang'ananso woyamba uja nthawi yaitali.

"Ndiye uyuyu ndi mwana wa ndani?"

"Si mwana wa munthu aliyense, azakhali."

Anakhala pampando uja anaukana poyamba. Sanalire mokweza, misozi inkangotsikira pachitenje. Msuweni wanga anagwada pambali pawo akupepesa, nati nyimboyo angoisiya.

"Nyimbo usaisiye," anatero azakhali. "Koma munthu uyu mumuchotse. Asadzaonenso mayi wina n'kuthamanga ngati ine."

Mwayi woyesa tsiku limenelo unali utatsala pang'ono kutha, ndipo ndinkafuna aone zotsatira asanapite. Sindinalembe kuti pasakhale mwamuna, chifukwa makinawa nthawi zina ukatchula chinthu, ngakhale mochikana, amachibweretsa. Ndinalemba zokhazo zimene ndinkafuna zioneke: kamera ili pamwamba ngati pakhonde la nyumba yosanja, ikuona msewu wonse patali, yosagwedezeka, khamu la anthu ooneka ang'onoang'ono pansi pa maambulera, minibasi zitathithikana, mvula yamphamvu ikuoneka m'kuwala kwa nyale, chithunzi chopingasa ngati cha pa wailesi yakanema.

Ndikulemba choncho azakhali analankhula osandiyang'ana. Anati mu uthenga wina mwana wawo ananena kuti kumeneko mvula ikayamba, ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu amafunditsa katundu ndi mapulasitiki, eni ake n'kumanyowa. Ndinawonjezera zimenezo.

Tinadikiranso. Ulendo uno kunabwera mzinda wokhawokha, waukulu, wonyowa, anthu ambirimbiri koma wopanda nkhope yoti n'kuiloza. Pakona panali matebulo ofunditsidwa mapulasitiki abuluu. Zilembo za pazikwangwani zinali zopotoka ndithu, koma patali choncho sizinkaoneka.

"Ndi waukulu chonchi?" anafunsa azakhali.

Ndinati sindinapiteko, koma amene anapitako amati ndi waukulu kuposa pamenepa. Anagwedeza mutu, napukuta m'maso, nati usipa wawo uli padzuwa wopanda woutembenuza. Msuweni wanga anawaperekeza wapansi.

Kanemayo tinamaliza sabata yomweyo, ndipo pansi pa chithunzi chotseguliracho ndinalembapo kuti n'chopangidwa ndi kompyuta. Nyimboyo inayenda m'mafoni mpaka kwa anyamata akwathu amene ali ku Joni, ena anaimba foni kulonjeza kuti afunsafunsa. Mpaka pano mkulu wa msuweni wanga sanamveke.