Firiji yodzera ku Chiponde

Yabodza? Ayi, sinali yabodza. Lemba choncho, amayi ako amve kutauniko. Inali yeniyeni, dzina pachitseko lomwelo la mafiriji a m'sitolo ya kuboma ku Mangochi. Kungoti yangayi anabwera nayo bambo wina wamalonda, wodzera ku Chiponde, mtengo wake wozizira. Ine ndinati Alhamdulillah, chambo changa chapeza pogona.

Inagwira bwino mpaka nyengo yotentha. Tsiku lina kutsegula, madzi okhaokha, ili zii, mkati muli nsomba za oda ya ukwati. Mayi woyandikana nane uja, wa mvano, anathamanga nazo kwake. Anayamba watulutsa nyama ya nkhumba m'firiji mwake, nkutsukamo ndi sopo, ine ndikuona, kuti makasitomala anga Achisilamu asadandaule. Usasiye zimenezo, ulembe.

Ndiye tinaikweza pa lole ya matola, ulendo kusitolo kuja. Ine maganizo anga, dzina limodzi ndi mtundu umodzi, mlendo akadwala achibale ake amulandira. Mnyamata wokonza anayang'ana nambala kumbuyo, nkupukusa mutu.

Akuti, “Agogo, iyi sinadzere mwa ife. Anaipangira dziko lina.”

Ndinati, “Nanga chitupa cha walanti ichi, n'chokulungira mandasi?”

Anaseka. Akuti chimagwira kumene inagulidwa koyamba, ndi lisiti lakomweko. Sitolo yawo imakonza ulere okhawo amene inaitanitsa yokha, chifukwa ndalama yokonzera ili kale mumtengo umene ine ndinauthawa. Chomwe chinafa ndi kabolodi kolamula kuzizira, ndipo ka mtundu umenewo sasunga, popeza mtunduwo sagulitsa kuno. Wamalonda uja pafoni anangoti, “Ine ndimabweretsa, mayi, sindipanga.”

Ndinakhala pakhonde la sitolo. Ana a malemu mwana wanga amadya firiji imeneyo. Mnyamatayo anatuluka, nkundiuza kuti m'sitolo sangaigwire, koma Lamlungu sagwira ntchito. Tinabwerera nayo kunyumba, ndipo Lamlungu anabweradi pa kabaza mpaka kuno. Anachotsa kabolodi kakufako nkuika kotembenuza ndi dzanja, konga ka mafiriji akale. Anandichenjeza kuti timagetsi tapachitseko sitidzayakanso, ndipo injini ikadzafa salonjeza kanthu. Ndinati, “Mwanangu, ine ndimagulitsa nsomba, sindigulitsa timagetsi.” Anailumikiza kumagetsi, kenaka inayamba kung'ung'udza. Ndinalipira ntchito yake, nkumukulungira chambo chachikulu, akukana, ndikumukankhira.

Mpaka lero ikuzizira, koma ikakhosomola mtima umandithawa. Ndiye poti amayi ako akufuna kundigulira ina kwa wamalonda yemwe uja, uwauze zikomo, Mulungu awaonjezere. Koma asapereke ndalama kwa wa ku Chiponde uja. Agule m'sitolo muja, ngakhale yaing'ono, adinde chitupa, lisiti asunge. Ikadzadwala ikhale ndi kwawo. Wamalondayo akuti anyamuka mawa. Walemba zonse? Tumiza pompano, asanamupatse.