Imelo ya adona

Bambo anga anali mlonda ku Area 10, ndipo ife tinakulira m'kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya abwana awo. Mudzi wa amayi unalipo, koma bambo anali mkamwini chabe, ndipo amayi atamwalira analibenso ponena. Chimene ankafuna pa moyo wawo chinali chimodzi: kapuloti kawokawo, koti akadzasiya ntchito asadzasowe kolowera.

Analembetsa ku khonsolo kalekale, nthawi ya mafailo a mapepala. Adiresi anapereka ya abwana, monga ankachitira alonda ndi ogwira m'maluwa onse amene ndinkawadziwa. Wantchito bokosi la makalata alitenga kuti? Kalata inkafika kwa abwana, abwana n'kukupatsira pageti.

Kenaka khonsolo inasamutsira zonse m'kompyuta. Anaitana onse oyembekezera mapuloti kuti akapereke nambala ya foni kapena imelo. Bambo foni analibe. Ankati, "Ndiimbira ndani, poti aliyense wondifuna amandipeza pageti?" Adona anawalembera imelo yawo pakapepala, bambo n'kukapereka, akuyamika ulendo wonse.

Patapita nthawi banja la abwanalo linabwerera kwawo kunja. M'nyumbamo munalowa ena, bambo n'kupitiriza kutsegula geti lomwelo. Za imelo palibe anazikumbukira.

Miyendo itayamba kuwavuta, ndinawaperekeza ku City Centre kuti tikamve pamene za puloti zafika. Anavala jekete lawo la kutchalitchi. Mtsikana wa pakauntala anali waulemu. Analemba nambala ya chitupa chawo, kenaka nkhope yake inagwa.

"Bambo, puloti munapatsidwa. Uthenga unapita ku imelo iyi. Nthawi yovomera itatha osayankha, pulotiyo inapita kwa wotsatira."

"Koma mwanangu, ine sindinachoke. Ndili pageti pomwe paja."

"Ndikumva, bambo. Koma kompyuta siidziwa geti."

Ine ndinapsa mtima, ndinalankhula zambiri zimene sizinathandize. Kale mesenjala akanafika ndi njinga, n'kufunsa kwa alonda anzawo, ndipo akanawapeza. Tsopano zinthu zikuthamanga, inde, anzanga a mafoni akuluakulu amaona zonse ali pabedi. Koma zinathamanga n'kuwapitirira bambo anga ali chiimire. Mpaka lero zimandiwawa.

Mtsikanayo anawalembetsanso, kumapeto kwa mzere. Titatsika minibasi ku Old Town, bambo analowa mumsika n'kugula kafoni ka mabatani, koyamba m'moyo wawo, ndipo mawa lake anabwerera okha kukapereka nambala.

Ntchito itatha anadzakhala kwa ine, m'chipinda cha lendi chimene tinachigawa ndi katani. Kafoniko ankakasunga m'thumba la malaya, ndipo magetsi akazima ankayenda motsimphina kukatchajitsa kugolosale. Kakalira, ankandipatsira kuti ndiwawerengere. Nthawi zonse anali mauthenga otsatsa mabandulo.

Tsiku limene tinawatengera kuchipatala komaliza, anandigwira dzanja tili m'galimoto.

"Foni ija usaizimitse. Angatumize ine kulibe."