Mitu ya Mayi Safiya Fakiri

Mayi Safiya Fakiri ankaphunzitsa zaumoyo pa boma la Nkhotakota m'zaka za m'ma 1980. Chida chawo chinali pulojekita yoonetsa pakhoma zimene alemba pa timapepala ta pulasitiki. Makinawo ankalira ngati chigayo, moti okhala kumbuyo sankamva mawu awo. Ankangokopera m'makope mutu wa pamwamba, basi.

Mitu yake inali yaifupi: "Likodzo." "Nkhono." "Madzi."

Tsiku lina Mayi Safiya anapita ku Kanyenda kukaona Che Zaidi, msodzi wodzipereka amene anamaliza maphunzirowo n'kumaphunzitsa anthu a m'mudzi mwawo. Anapeza mudzi wonse ukuwiritsa madzi akumwa mokhulupirika, koma anthu akusambabe m'mabango momwe muli nkhono.

"Ndinakuphunzitsani zimenezi ine?" anafunsa mokwiya.

Che Zaidi anatsegula kope lawo mwaulemu. "Mayi, munalemba kuti 'Madzi.' Zotsalazo ndinaganiza ndekha."

Mayi Safiya atabwerera, anapukuta mitu yonse ndi sipiriti n'kulemba ina. Pamene panali "Madzi" panabwera "Likodzo limalowera pakhungu tikamasamba m'madzi a nkhono." Pamene panali "Nkhono" panabwera "Kukodzera m'nyanja kumapatsira nkhono tizilombo ta likodzo." Anzawo a ku ofesi ankaseka kuti mitu yatalika ngati njanji. Iwo sanasamale.

Lero anapuma ntchito, amalima mpunga, ndipo sadandaula kanthu. Akapita kudoko amaona bwato la Che Zaidi. Mabwato ena alembedwa "Zonse ndi Mulungu," koma limenelo lalembedwa ndi penti yofiira, kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo: "Likodzo limalowera pakhungu."