Mphindi Khumi ndi Ziwiri Kukafika pa Siteji

Mayi wamasiyeyu anaphunzitsa ana zaka makumi atatu, ndipo bodza sankalilola ngakhale papepala. Pogulitsa nyumba ya banja, mkamwini wake ndiye analemba chilengezo: zipinda zitatu, kadimba kuseri, sukulu pafupi, mphindi zisanu kukafika pa siteji ya basi, malo abata.

"Zisanuzo ndi za miyendo yanu, bambo," anatero mayiyo.

Anatenga ndodo yake, nakayenda yekha wotchi ili m'manja. Atabwerako analemba khumi ndi ziwiri. Pa za bata anawonjezera kuti belu la sukulu limamveka, ndipo ana akamaweruka pamakhala phokoso.

"Amayi, ogula athawatu."

"Athawe. Muno mulowe wokonda phokoso la ana. Bata lenileni ndalilawa chimwalirireni apongozi anu, ndipo sindingaligulitse kwa munthu."