Lachinayi Uko, Lachisanu Kuno

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndikuyembekeza kukwanitsa zisanu ndi zinayi mwezi womwewo wa Januwale, pamene ndinamva kuti ndine ndinapha agogo anga aamuna. Sanandiuze pamaso. Ndinamva ndili kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, nditanyamula kapu ya tiyi ya amalume, ndipo tiyiyo ndinakaikhuthulira m'ngalande.

Tinkakhala ku Highfield, mumzinda wa Harare, m'nyumba ya zipinda zinayi imene agogo aamunawo anaipeza akugwira ntchito ya njanji ku Lochinvar. Iwo anachokera ku Malawi ali mnyamata, ndipo m'nyumbamo Chichewa chinatsala ngati mbale za alendo, chotulutsidwa ndi akuluakulu okha. Ine ndinabadwira ku Mangalande, kumene mayi anga ankagwira ntchito ya unamwino. Ntchito yawo inali yosinthana usiku ndi usana, wondilera panalibe, choncho anandibweretsa kwa agogo aakazi ndisanayambe sukulu. Mayi anga ndinkawadziwa ndi mawu a pafoni Lamlungu lililonse masana.

Pa kabati ya agogo panali mawotchi awiri. Yaikulu inali yathu. Yaing'ono, yofiira, ankaitcha wotchi ya Esinati, dzina la mayi anga, ndipo inkayenda m'mbuyo mwa inzake. Agogo ankaiyang'ana n'kunena kuti mwana wawo tsopano akudzuka, kapena kuti akuweruka. Palibe ankaloledwa kuikhudza, ngakhale poipukuta fumbi.

Chaka chimenecho amalume anga a Fanuwelo, amene ankanditengera ku masitolo a ku Machipisa pa mtanda wa njinga yawo, anayamba kutsokomola ndi kuwonda. Chipatala ankachiopa, ankangoti ndi chimfine cha mvula. Mkulu wawo wa mayi anga, amene tinkawaitana kuti Maiguru monga aitanira anzathu Achishona, anatenga malaya a amalume n'kupita nawo kwa mneneri wina wopempherera kuthengo. Atabwerako ndi pamene ndinawamva akulankhula ndi agogo kukhitchini kuja.

Mneneriyo akuti anaona mwana m'nyumbamo amene analowa m'dziko mokankha munthu wamkulu. Maiguru sanavutike kufunafuna. Anati aliyense akudziwa kuti Chisomo, kunena ine, anabadwa Lachinayi, agogo ake aamuna n'kumwalira Lachisanu, tsiku lotsatira lenileni. Anati tsopano tsiku lake lobadwa layandikiranso, ndipo taonani Fanuwelo. Anafuna kuti Lachisanu likudzalo anditengere kuthengoko, ndikakhale masiku angapo akundipempherera, ndipo zikakanika ndikasungidwe kwina, kutali ndi wodwalayo. Agogo sanavomere, komanso sindinawamve akukana. Kukhala chete kwawoko ndi kumene kunandiopsa kuposa mawu a Maiguru.

Ndinakhulupirira zonse. Mwana sakayika zimene wamva mobisala. Ndinasiya kulowa m'chipinda cha amalume. Akandiitana, ndinkathawira m'chimanga chimene agogo analima kuseri kwa chimbudzi, n'kukhala chonyonyomala m'matope, masamba akundiyabwa m'khosi. Ndinkayang'ana manja anga kufuna kuona pamene choipacho chimatulukira. Akatsokomola ndinkagwira mpweya, poganiza kuti mwina ndikupuma mpweya wawo. Anthu opemphera kuthengowo, ovala zoyera, ndinkawaona tikamadutsa pa minibasi, atagwada padzuwa, mitu yometa, ndodo m'manja, ndipo ndinkadziona ndili pakati pawo ndekhandekha. Koma chimene ndinkaopa kwambiri si iwowo ayi. Ndinkaopa kuti amalume afa, ndipo aliyense adziwa kuti ndi ine.

Lamlungu linafika, mvula ikugunda padenga. Maiguru anabwera dala kuti adzamuuze mng'ono wawo zimene zagamulidwa. Foni italira anaiika pokweza mawu pa tebulo, ndipo amalume anatuluka atafunda bulangete n'kukhala pa mpando wa pakhomo. Ine anandiuza kuti ndikasewere panja, koma ndi mvula imeneyo ndinangoima pakhonde, khutu pa zenera.

Mayi anga anamvetsera mpaka Maiguru anamaliza. Ndinkayembekeza kuti akalipa, koma anangofunsa funso limodzi, ndipo anafunsa amalume.

"Fanuwelo, iwe ndiwe unali nawo. Bambo anatisiya nthawi yanji?"

Amalume anati sangaiwale. Anali atawatsamiritsa pachifuwa pawo, ndipo atatsirizika anakweza maso n'kuona wotchi yaikulu ili pa hafu pasiti thwelofu. Pakati pa usiku panali patangodutsa, n'chifukwa chake kuchipatala analemba Lachisanu. Mayi anga izi sankazidziwa. Za malirowo anawabisira kwa sabata yathunthu chifukwa anali atangochira, ndipo atawauza anangotchula tsiku. Munthu wolira safunsa ola.

Kufoniko kunakhala zii kwa kanthawi, moti Maiguru anaigwedeza poganiza kuti yaduka. Kenako mayi anga analankhula, mawu awo ali otsika. Anati mzamba amene anandilandira anayang'ana wotchi ya pakhoma n'kutchula mokweza, monga amachitira, kuti kota pasiti leveni usiku. Anati pa chiphaso changa cha kubadwa ola silinalembedwe, chifukwa kumeneko amalemba ola pokhapokha ana akabadwa amapasa. Analemba tsiku lokha, Lachinayi, ndipo analemba zoona, pakuti tsiku lobadwa munthu amaliwerenga ndi nthawi ya kumalo kumene wabadwira, osati ya kwawo kwa makolo ake. Koma pamene uko inali kota pasiti leveni Lachinayi, ku Harare kunali kale Lachisanu, kota pasiti wani.

"Mwanayu anabadwa bambo atapita kale," anatero mayi anga. "Wakankha ndani?"

Koma Maiguru sanali munthu wogonja msanga, ndipo masamu ankawadziwa, popeza ankagulitsa nsalu. Anati asawapusitse. Iwo amakumbukira bwino kuti m'nyengo yozizira, pamene ankaimbirana ndi mayi anga za sukulu ya mwana wawo, kusiyana kunali ola limodzi lokha. Ukawonjezera ola limodzi pa kota pasiti leveni upeza kota pasiti thwelofu, ndiye kuti mwana anabadwa bambo akadali moyo, n'kutsirizika patangopita kanthawi kochepa. Anati zimenezi ndiye zikuposa zimene mneneri ananena. Ndinakhala pansi pakhonde ponyowa pomwepo.

Agogo ndi amene anadzuka. Sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo sukulu anailekera panjira. Anapita pa kabati, natenga wotchi yofiira ija n'kuiika pa tebulo pafupi ndi foni. Yaikulu inali pa folo koloko, yaing'ono pa thu koloko.

"Iyi ndimaipotokola ndekha kawiri pa chaka," anatero. "Kumapeto kwa Malichi, Esinati akandiuza kuti uko asuntha mawotchi, ndimaipititsa patsogolo, pamatsala ola limodzi. Kumapeto kwa Okutobala ndimaibweza, amakhala awiri. Ife kuno sitisuntha. Uno ndi mwezi wanji, ndipo mwanayu anabadwa mwezi wanji?"

Yankho linali pa tebulopo. Ola limodzi la Maiguru linali la Juni, pamene kuno kukuzizira uko kukutentha. Ine ndinabadwa mu Januwale, ndipo mu Januwale kusiyana ndi maola awiri. Amalume anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, n'kunena kuti mneneriyo akagule kaye wotchi yachiwiri. Kenako anandiitana, pakuti ankadziwa kuti ndili pa zenera. Ndinalowa diresi ili nyowee, ndipo anandikhazika pamwendo pawo powonda paja. Ndinalira ngati kamwana kakhanda.

Maiguru sanapepese. Anangoti iwo ananena zimene anauzidwa, natenga ambulera yawo. Kuthengo sindinapite. Mayi anga anakalipira amalume mpaka analola kupita kuchipatala mawa lake, kumene anawapeza ndi chifuwa chachikulu. Anamwa mankhwala miyezi yambiri, ndipo lero ndi munthu wa mimba yake.

Koma pali chimene ndinamva tsiku lija chimene ndinadzachimvetsa nditakula. Maiguru atatuluka, agogo anaiwala kuchotsa foni pokweza mawu, ndipo ndinamva mayi anga akulira. Ndinadabwa, chifukwa ndinkaona ngati tapambana. Iwo anati zaka zonsezi ankadzitonthoza ndi masiku awiri aja. Sanaike nawo maliro a bambo awo, sanawatsanzike, koma akayang'ana Lachinayi ndi Lachisanu ankadziuza kuti bambo awo ndi mwana wawo anakhalapo limodzi pansi pano, ngakhale usiku umodzi wokha. Ankati mwina mkuluyo anapita atamva mumtima kuti mdzukulu wafika.

"Amayi, ndiye kuti sanakumane," anatero.

Agogo anangoti, "Sanakumane, mwanawe."

Tsopano ndimaganiza za kanthawi kaja foni inakhala zii. Mayi anga anali atawerenga kale maolawo mumtima amalume atangotchula nthawi, ndipo anaona chimene ataye akalankhula. Chimene chinkawatonthoza iwo ndi chomwecho chimene chinkandimanga ine, ndipo sizikanatheka kusunga zonse ziwiri. Komabe anatchula ola lija.

Pa mapepala anga onse, a sukulu, a ntchito ndi pasipoti, pali tsiku la Lachinayi lija, ndipo ndilo tsiku langa lenileni lobadwa. Palibe ofesi imene ingalisinthe chifukwa chakuti ku Harare kunali kutalowa kale tsiku lina. Ndaphunzira kuti tsiku ndi la malo, koma mphindi ndi imodzi kwa tonse, ndipo munthu asanaweruze kuti ichi chinayamba, icho chinatsatira, afunse kaye kuti ankayang'ana wotchi ya kuti.

Agogo aakazi anamwalira, wotchi yofiira ili kwa ine, ndipo ndimaipotokola kawiri pa chaka. Mayi anga akadali komweko. Chaka chilichonse amandiimbira kawiri. Koyamba ndi m'mawa wa tsiku langa, kundiimbira nyimbo ndi mawu awo osalongosoka aja. Kachiwiri ndi mawa lake, tsiku la agogo aamuna, ndipo sitinena zambiri. Amandifunsa ngati ndadya, ine ndimawafunsa ngati kukuzizira. Ndinayesapo kamodzi kuwathokoza chifukwa cha Lamlungu lija, koma anandidula.

"Bambo anga anali atapita kale," anatero. "Iwe unalipo."